Mawaleti abodza ndi mauthenga a nyambo: mmene ndalama za kiripito zimabedwera ndi njira zozitetezera

Munthu wa ku Salima amene amasunga ndalama za kiripito pafoni, kaya ndi USDT, ndalama ya kiripito imene mtengo wake umayendera limodzi ndi dola ya ku America, imene mbale wake watumiza kuchokera ku Joni kapena malipiro a mlendo amene anagula ziboliboli ku Senga Bay, ayenera kudziwa kuti akuba ambiri sathyola waleti, imene ndi apu yosungira ndi kutumizira ndalamazi, ndi luso lapadera la makompyuta. Iwo amafuna kuti mwini wake awapatse yekha chimodzi mwa zinthu ziwiri: mawu 12 achinsinsi obwezeretsera waleti, kapena chilolezo chimene mwiniyo amachivomereza ndi chala chake pafoni asanawerenge zimene zalembedwa. Apu yabodza ndi tsamba labodza la pa intaneti ndi njira chabe zopezera zinthu ziwirizi, ndipo malangizo ambiri amene akutsatirawa akukhudza mmene mungazitchinjirizire.

Pali kusiyana kumodzi kumene ozolowera Airtel Money kapena TNM Mpamba amakuiwala. Mukatumiza ndalama ku nambala yolakwika pa Mpamba, pali kampani imene mungaiimbire foni, ndipo nthawi zina ndalamazo zimabwezedwa ngati sizinatapidwe. Pa bulokotcheni, kaundula wa pa intaneti mmene mumalembedwa kutumiza konse kwa kiripito, palibe ofesi yotere. Ndalama zikachoka ndipo kutumizako kukatsimikizidwa, ngakhale kampani imene inapanga waleti yanu ilibe mphamvu yozibweza. Komanso banki yaikulu ya dziko lino inanena kale mu 2019 kuti kiripito si ndalama yovomerezeka mwalamulo m'Malawi, choncho musayembekezere kuti banki iliyonse idzakulowetserani zimene mwataya.

Chimene mawu 12 aja ali

Mukatsegula waleti yatsopano mu apu ngati Trust Wallet kapena MetaMask, foni imakuonetsani mawu a Chingerezi 12, kapena 24 m'mawaleti ena, otengedwa pa mndandanda umodzi wa mawu 2048. Pasikirini amatchedwa Secret Phrase kapena Secret Recovery Phrase. Ndalama zenizenizo sizikhala m'foni mwanu ayi, zimakhala zolembedwa pa bulokotcheni, ndipo mawuwa ndiwo amapanga makiyi onse amene amazisuntha. Zotsatira zake n'zakuti aliyense amene ali ndi mawuwo m'ndondomeko yake akhoza kuwalemba mu apu ya waleti pafoni ina, ali kudziko lililonse, n'kukhala mwini ndalamazo mofanana ndi inu. Safunika foni yanu, nambala yanu yachinsinsi yotsegulira apu, kapena chala chanu. Nambala yotsegulira apuyo imatchinga foni imodzi yokhayo imene mwagwira, ndipo kuisintha mawu atabedwa kale sikuthandiza chilichonse.

Mmene apu yabodza imagwirira ntchito

Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu wagula foni yatsopano ndipo akufuna kuikamo waleti kuti mchimwene wake wa ku Joni amutumizire USDT 400 zoonjezera mpamba. Poopa kutha bandulo, iye apita kwa mnyamata woika nyimbo ndi mapulogalamu m'mafoni pa Kamuzu Road, ndipo mnyamatayo amuikira waleti kuchokera pa fayilo ya APK, fayilo yoikira apu m'foni popanda kudzera pa Play Store, imene nayenso anailandira pa gulu lina la WhatsApp. N'kutheka kuti mnyamatayo sakudziwa n'komwe kuti fayiloyo inasinthidwa. Apuyo ili ndi dzina lenileni, chizindikiro chenicheni ndi maonekedwe enieni, chifukwa akuba ambiri amatenga apu yeniyeni n'kungoonjezeramo kachigawo kakang'ono kotumiza mawu achinsinsi ku kompyuta yawo.

Apu yotere imaba m'njira ziwiri. Ngati mayiyo anali kale ndi waleti ndipo walemba mawu ake 12 kuti aibwezeretse m'foni yatsopanoyo, mawuwo amapita kwa wakuba nthawi yomweyo. Ngati wasankha kutsegula waleti yatsopano, apuyo imamupatsa mawu amene wakuba akuwadziwa kale kapena amene akulandira kope lake. M'njira zonse ziwiri waletiyo imagwira ntchito bwinobwino: imaonetsa adiresi yeniyeni yolandirirapo ndalama, imalandira ndalamazo, ndipo ikhozanso kutumiza.

Apa ndi pamene anthu osamala amapusitsidwira. Mayiyo, pokhala wochenjera, apempha mchimwene wake kuti ayambe watumiza USDT 10 zoyesera. Ndalamazo zifika ndipo zigona m'waletimo masiku angapo osakhudzidwa, choncho onse awiri akhutira kuti zonse zili bwino. Koma wakuba ali ndi pulogalamu imene imayang'anira maadiresi ambirimbiri usana ndi usiku, ndipo ikhoza kuikidwa kuti isavutike ndi tindalama tochepa. Tsiku limene USDT 390 zotsalazo zifika, zonse 400 zichoka pakangopita mphindi zochepa, mwina mayiyo asanatsegule n'komwe foni. Kutumiza ndalama zoyesera kumatsimikizira kuti adiresi ndi yolondola, koma sikutsimikizira kuti apu ndi yeniyeni, ndipo zinthu ziwirizi zisasokonezedwe.

Choyamba: tengani apu kudzera pa tsamba lenileni la kampani

Waleti isalowe m'foni mwanu kudzera pa Bluetooth, Xender, memore khadi, WhatsApp kapena Telegram, ngakhale wokupatsaniyo atakhala mbale wanu amene mumamukhulupirira, chifukwa iye sangaone zimene zili mkati mwa fayiloyo. Bandulo yotsitsira apu ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mudzasungemo.

Ngakhale malo ovomerezeka otsitsirako mapulogalamu nthawi zina amalowedwa ndi zabodza. Mu 2021 munthu wina anataya bitikoini 17.1 atalemba mawu ake mu apu imene inali pa App Store ya Apple yonamizira Trezor, kampani yopanga tizida tosungira makiyi a kiripito, pomwe kampaniyo inalibe n'komwe apu ya iPhone panthawiyo. Mu 2024 apu ina yonamizira WalletConnect, njira yolumikizira waleti ndi masamba a pa intaneti, inakhala miyezi ingapo pa Google Play isanachotsedwe. Chifukwa cha zimenezi, kulemba dzina la waleti pa Play Store n'kudina chimene chabwera pamwamba sikokwanira, makamaka popeza malo apamwambawo nthawi zina amakhala a zotsatsa zolipiridwa, zolembedwa Sponsored. Njira yabwino ndi kulemba nokha adiresi ya kampani m'burawuza, monga trustwallet.com kapena metamask.io, n'kudina batani lotsitsira limene lili pa tsambalo, kuti likutengereni ku Play Store pa apu yoyenera.

Mukafika pa Play Store, yang'anani chiwerengero cha anthu amene anaitsitsa. Mawaleti awiri atchulidwawa anatsitsidwa ndi anthu oposa 10 miliyoni iliyonse, choncho apu ya dzina lofanana imene ili ndi anthu 5,000 okha ndi yabodza, ngakhale itakhala ndi ndemanga zambiri zoiyamikira, popeza ndemanga zimagulidwa. Amene akufuna chitsimikizo choposa apa akhoza kuona dzina la mkati la apuyo, limene limaoneka kumapeto kwa linki yake ya pa Play Store ndipo silingagwiritsidwe ntchito ndi apu ziwiri pamalopo:

```
com.wallet.crypto.trustapp
io.metamask
```

Ngati waleti ili kale m'foni mwanu ndipo simukukumbukira kumene inachokera, lowani mu Settings, kenako Apps, sankhani waletiyo ndipo muone pansi pa tsambalo. Mafoni ambiri a Android amaonetsa ngati apu inachokera ku Google Play Store kapena inaikidwa kuchokera pa fayilo. Ikakhala ya pa fayilo, mawu ake 12 muwatenge ngati obedwa kale, ndipo mutsate zimene zafotokozedwa kumapeto kwa malangizowa. Pomwepo muonenso gawo lotchedwa Install unknown apps, ndipo muzimitse chilolezocho pa WhatsApp, pa Chrome ndi pa pulogalamu yosungira mafayilo.

Chachiwiri: mawu 12 akhale pa pepala pokha

Tsegulani waletiyo muli nokha, osati pa benchi ya wokonza mafoni kapena pamaso pa amene akukugulitsani USDT. Munthu amene akudzipereka kuti akutsegulireni waleti n'kukulemberani mawu ake, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino, wawaona mawuwo, ndipo waleti yotere siyanu nokha.

Lembani mawuwo ndi bolopeni pa pepala, lililonse ndi nambala yake kuyambira 1 mpaka 12, chifukwa ndondomeko ikasokonekera waletiyo sitseguka. Kuno kunyanja chinyontho, chiswe ndi madzi osefukira a m'nyengo yamvula zimaononga mapepala, choncho ndi bwino kukhala ndi makope awiri, lililonse m'kajumbo kotsekedwa bwino, n'kuwasunga m'malo awiri osiyana. Musawajambule ndi kamera ya foni, musadzitumizire pa WhatsApp ndipo musawasunge mu imelo. Chithunzi chikajambulidwa chimatha kukwera chokha ku akaunti yanu ya Google, ndipo chimaonedwa ndi aliyense amene mwamupatsa foni kuti aikonze. Kuonjezera apo, kumayambiriro kwa 2025 kampani yoteteza makompyuta ya Kaspersky inaulula pulogalamu yoipa yotchedwa SparkCat, imene inabisidwa m'mapulogalamu ooneka osalakwa ndipo inkafufuza m'zithunzi za m'foni kuti ipeze mawu a mawaleti.

Pali nthawi imodzi yokha imene mawuwa amalembedwa pafoni waleti itatsegulidwa kale, ndiyo pamene inuyo mwasankha kubwezeretsa waleti yanu mu apu yeniyeni pafoni ina. Kulandira ndalama sikufuna mawuwa, kutumiza sikuwafuna, ndipo palibe kampani ya waleti imene imawapempha pa chifukwa chilichonse.

Chachitatu: werengani linki musanadine

Uthenga wa nyambo umabwera pa imelo, pa SMS, pa WhatsApp kapena m'ndemanga za pa Facebook, ndipo nkhani yake imakhala yofanana: waleti yanu itsekedwa ngati simuitsimikiza lero, kapena mwapata ndalama zaulere zimene zitha pakapita maola ochepa. Waleti ngati Trust Wallet kapena MetaMask, imene makiyi ake mumasunga nokha, kampani singaitseke chifukwa choti simunayankhe uthenga. Koma uthengawo ukhoza kukhala ndi dzina lanu lenileni, ndipo zimenezi zisakunyengeni. Mu 2020 mndandanda wa makasitomala a kampani ya Ledger, yopanga tizida tosungira makiyi a kiripito, unabedwa, ndipo maina, manambala a foni ndi maadiresi a anthu pafupifupi 270,000 anaikidwa poyera. Anthuwo anayamba kulandira mauthenga owatchula maina, owapempha kuti alembe mawu awo 24 pa tsamba lofanana ndi la kampaniyo. Zida zawo sizinathyoledwe, ndipo amene anataya ndalama ndi amene analemba mawuwo.

Nyambo ina imagwira munthu amene ali kale m'vuto. Mukalemba pa gulu la Telegram kapena pa Facebook kuti ndalama zanu zachedwa kufika, pakapita nthawi yochepa wina amakulemberani pambali, ali ndi chizindikiro cha kampani pa chithunzi chake, n'kukupatsani linki ya tsamba lolembedwa Validate wallet kapena Synchronize wallet. Tsambalo limakhala ndi timabokosi 12 topanda kanthu. Mukangoona timabokosi toteroto m'burawuza, dziwani kuti muli pa tsamba la akuba.

Kuwerenga adiresi ya tsamba kuli ndi lamulo lake losavuta. Pezani kamzere kopendekera koyamba kamene kamabwera dzina la tsamba likatha, ndipo muwerenge zigawo ziwiri zomaliza zimene zili kumanzere kwake, chifukwa zimenezo ndizo zimasonyeza mwini tsambalo pa maadiresi ngati awa. Zonse zimene zili kumayambiriro aliyense akhoza kuzilemba mmene akufunira.

```
trustwallet.com/download
trustwallet.com.secure-check.example/download
trustwa11et.example/download
```

Adiresi yoyamba ndi ya trustwallet.com. Yachiwiri mwini wake ndi secure-check.example, ngakhale ikuyamba ndi dzina lenileni, ndipo pa sikirini yaing'ono ya foni gawo lomalizalo limatha kubisika. Yachitatu yaika nambala 1 kawiri m'malo mwa zilembo ziwiri za l. Kaloko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi m'maburawuza ena, kapena zilembo za https, sizitsimikizira kuti tsamba ndi la anthu oona mtima, chifukwa masamba a akuba nawonso amakhala nazo. Chizolowezi chimene chimachotsa vuto lonseli ndi kusunga masamba ochepa amene mumagwiritsa ntchito m'gawo la Bookmarks, n'kumalowera pamenepo nthawi zonse, osati pa linki ya mu uthenga.

Chachinayi: chilolezo chimene chimaba popanda mawu 12

Njira iyi ndi imene imagwira anthu amene anasunga bwino mawu awo, ndipo ikufunika kuimvetsa mofatsa. Pa manetiweki a bulokotcheni ngati Ethereum, BNB Smart Chain ndi Tron, ndalama monga USDT zili ndi lamulo lotchedwa approve, limene limalola mwini waleti kupatsa adiresi ina mphamvu yotapa ndalamazo mpaka pa mlingo umene iye wavomera. Lamuloli linapangidwira masamba osinthirapo ndalama, amene amayenera kutenga USDT yanu kuti akupatseni ndalama ina. Chilolezo choterechi chimafanana ndi kuuza mwini golosale kuti mwana wakutiwakuti azitenga katundu pa ngongole yanu: mwanayo safunika kukufunsaninso, ndipo adzapitiriza kutenga mpaka tsiku limene mudzapite nokha kukaletsa.

Tibwerere kwa mayi wa mpunga uja, koma tsopano ali ndi apu yeniyeni ndipo mawu ake ali pa pepala. Pa gulu la WhatsApp pabwera linki yolonjeza USDT 50 kwa aliyense amene alumikiza waleti yake. Iye adina Connect wallet, ndipo pa sitepe imeneyi palibe chimene chabedwa, popeza tsambalo langoona adiresi yake ndi kuchuluka kwa ndalama zimene ali nazo. Kenako adina batani lolembedwa Claim, ndipo waleti yake yeniyeniyo itulutsa bokosi lomupempha kuti atsimikize. M'bokosimo mwalembedwa Approve, dzina la USDT, ndi mlingo wolembedwa Unlimited kapena nambala yaitali kwambiri. Ndalama yolipirira kutumizako ndi yochepa, choncho iye avomera. Kuyambira pamenepo adiresi ya wakuba ili ndi mphamvu yotapa USDT yonse ya m'waletimo, imene ilipo lero ndi imene idzafike mwezi wamawa.

Chizindikiro chodziwira chinyengochi n'chakuti zimene batani la pa tsamba likunena zikutsutsana ndi zimene waleti ikunena. Tsamba likuti mulandira, koma waleti ikuti mukupereka chilolezo. Khulupirirani waleti. Kuti mulandire ndalama iliyonse, wotumiza amangofunika adiresi yanu yokha, ndipo simufunika kuvomereza kuti wina atape zanu. Mawu amene ayenera kukuimitsani ndi Approve, Spending cap, Unlimited, setApprovalForAll ndi Permit. Lomalizali ndi loopsa mwapadera chifukwa limabwera ngati pempho longosaina uthenga, lopanda malipiro, ndipo munthu amaganiza kuti akungolowa pa tsamba, chonsecho sainiyo ikhoza kupereka chilolezo chofanana ndi cha Approve. Pamene mukugwiritsa ntchito tsamba lenileni losinthirapo ndalama ndipo chilolezo chikufunikadi, sinthani mlingowo kuti ufanane ndi ndalama zimene mukusintha, monga 50 ngati mukusintha USDT 50. MetaMask imalola kusintha nambala imeneyi musanavomere.

Ambiri amaganiza kuti kudina Disconnect kumathetsa nkhani. Sikuthetsa. Kumangoletsa tsambalo kulankhula ndi apu yanu, koma chilolezo chinalembedwa pa bulokotcheni ndipo chimakhalabe mpaka mutachichotsa. Pa Ethereum ndi BNB Smart Chain mukhoza kuona zilolezo zanu zonse pa revoke.cash kapena pa gawo la Token Approvals la Etherscan ndi BscScan, masamba oonerapo zolembedwa pa bulokotcheni, ndipo pa Tron mumaziona pa tsamba lotere lotchedwa Tronscan. Kuchotsa chilolezo kumafuna kandalama kochepa ka netiwekiyo, monga BNB kapena TRX. Masamba amenewa nawonso ali ndi makope abodza, choncho adiresi yake mulembe nokha.

Chachisanu: adiresi ya wolandira

Adiresi ya pa BNB Smart Chain kapena Ethereum imayamba ndi 0x ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 42, pomwe ya pa Tron imayamba ndi T ndipo ili ndi 34. Popeza palibe amene amaziloweza pamtima, anthu amangoona zilembo zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza. Akuba amapanga adiresi imene malekezero ake akufanana ndi a munthu amene mumamutumizira kawirikawiri, n'kukutumizirani kandalama kosanunkha kanthu kuti adiresi yawo ilowe m'mbiri ya waleti yanu. Tsiku lina mukakopera adiresi kuchokera m'mbirimo, mumatenga yawo. Mu Meyi 2024 munthu wina anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 68 miliyoni ku adiresi yotere. Palinso mapulogalamu oipa amene amasintha adiresi pakati pa kukopera ndi kumata. Mankhwala a zonse ziwiri ndi amodzi: tengani adiresi kwa mwini wake kapena m'buku la maadiresi la m'waleti, osati m'mbiri, ndipo mukamata muyerekeze zilembo zosachepera zisanu ndi chimodzi kumayambiriro, zina pakati ndi zina kumapeto. Apa ndi pamene kutumiza ndalama zochepa zoyesera kumathandiza.

Chachisanu ndi chimodzi: siyanitsani posungira ndi poyendera

Khalani ndi mawaleti awiri okhala ndi mawu 12 osiyana. Imodzi ikhale yosungira, imene simuilumikiza ku tsamba lililonse, ndipo ina ikhale ndi ndalama zochepa zimene mungapirire zitatayika. Maakaunti awiri a mu apu imodzi amene anachokera ku mawu omwewo amakutetezani ku chilolezo choipa, koma sakutetezani mawuwo akabedwa.

Amene amasunga ndalama pa msika wa kiripito wa pa intaneti ngati Binance alibe mawu 12, ndipo akuba amafuna pasiwedi yawo ndi nambala yotsimikizira. Nambala yobwera pa SMS ikhoza kulandidwa wina akakwanitsa kutulutsa simukhadi yatsopano m'dzina lanu, choncho gwiritsani ntchito Google Authenticator kapena apu ina yofanana nayo. Tsegulaninso Anti-Phishing Code, mawu amene mumasankha nokha ndipo amaoneka mu imelo iliyonse yeniyeni yochokera ku kampaniyo. Foni yanu ikataya netiweki mwadzidzidzi pomwe mafoni a anzanu pamalo omwewo akugwira, pitani msanga ku ofesi ya kampani ya foni mukafunse ngati simukhadi yanu yasinthidwa.

Ngati ndalama zachoka kale

Musathamangire kuthira ndalama zina m'waletimo, ndipo yambani ndi kudziwa khomo limene wakuba walowera, chifukwa zochita zake n'zosiyana. Koperani adiresi yanu, muimate pa BscScan, Etherscan kapena Tronscan malinga ndi netiweki imene ndalamazo zinali, pezani kutumiza kumene kunachotsa ndalamazo, ndipo mudine nambala yake yaitali kuti muone tsatanetsatane. Chimene mukufufuza ndi adiresi imene inayambitsa kutumizako, imene pa BscScan ndi Etherscan imaoneka pa mzere wolembedwa From pamwamba pa tsambalo.

Ngati pa mzerewo pali adiresi yanu, ndipo lamulo lake ndi Transfer, pomwe inu simunatumize kanthu, ndiye kuti kutumizako kunasainidwa ndi makiyi anu, kutanthauza kuti mawu anu 12 ali m'manja mwa wina. Waleti yotere yatha ntchito mpaka kalekale. Pa foni ina yoyera, kapena pa yomweyo mutaifafaniza yonse n'kuiyambitsanso, ikani apu yeniyeni, tsegulani waleti ya mawu atsopano, ndipo musamutse zotsala zonse kuyambira ndi zamtengo wapatali. Kumbukirani kuti mawu amodzimodziwo amatsegula maakaunti anu pa manetiweki onse, choncho ndalama za pa Tron nazonso zili pangozi ngakhale zobedwazo zinali pa BNB Smart Chain. Mukaona kuti BNB kapena TRX imene mwaika yolipirira kusamutsako ikuchoka yokha m'masekondi ochepa, lekani kuonjezera, chifukwa pulogalamu ya wakuba ikusesa chilichonse chimene chikufika. Uzaninso nthawi yomweyo onse amene amakutumizirani ndalama kuti adiresi yakaleyo asaigwiritsenso ntchito.

Ngati pa mzerewo pali adiresi yachilendo, ndipo lamulo lake ndi Transfer From kapena dzina lina losadziwika, ndiye kuti wakuba wagwiritsa ntchito chilolezo. Kawirikawiri mumapezanso kuti ndalama za mtundu umodzi zokha ndi zimene zachoka, pomwe BNB kapena TRX yanu ilipo. Pamenepa mawu anu mwina ali bwino, ndipo chofunika ndi kuchotsa chilolezocho komanso zina zonse zimene simukuzidziwa, ndalama zina zisanafike.

Pambuyo pake sungani umboni: nambala ya kutumizako, adiresi imene ndalama zapita, linki kapena fayilo imene munalandira, ndi zithunzi za mauthenga. Kanenani ku polisi ya Salima kapena imene ili pafupi nanu, popeza chinyengo cha pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa makompyuta, ndipo mudziwitsenso bungwe la MACRA. Ngati pa BscScan kapena Tronscan zikuoneka kuti ndalamazo zalowa ku adiresi yolembedwa dzina la msika wodziwika, lemberani msikawo kudzera mu apu yake yeniyeni, mutaphatikiza nambala ya lipoti la ku polisi, chifukwa misika ikhoza kuimitsa akaunti ya wakuba ngati ndalamazo sizinatulutsidwe. Kampani ya Tether, imene imapanga USDT, nayonso ili ndi mphamvu yoimitsa USDT pa adiresi, koma imachita zimenezi makamaka ikapemphedwa ndi mabungwe achitetezo, ndipo pa ndalama zochepa mwayi wake ndi waung'ono.

Mukangodandaula poyera kuti mwaberedwa, padzabwera anthu odzitcha akatswiri obweza ndalama za kiripito, ena ali ndi zithunzi za makalata oyamikira ochokera kwa anthu amene amati anawathandiza. Adzapempha malipiro oyambira ntchito, mwina USDT 50 kapena ndalama za pa Airtel Money, kenako ena otulutsira ndalamazo, ndipo ena adzapemphanso mawu 12 a waleti yanu yatsopano kuti azibwezeremo. Palibe munthu wamba amene angabweze ndalama zimene zatsimikizidwa pa bulokotcheni, choncho musawayankhe, ndipo manambala awo muwaonjezere pa umboni umene mukupereka ku polisi.